Kwaya Lachinayi lililonse, kupatula pa Khirisimasi

Mphunzitsi wa kwaya amene amabwereka holo ya tchalitchi Lachinayi lililonse sasowa kulemba tsikulo kambirimbiri pa foni. Mu Google Calendar amalemba kamodzi, kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko madzulo, n'kusintha "Does not repeat" kukhala kubwereza sabata ndi sabata. Ndi bwino kuikiratu tsiku lomaliza, apo ayi kalendala imangopitiriza mpaka kalekale.

Vuto limabwera ndi tchuthi. M'chaka cha 2025, Khirisimasi inagwa Lachinayi, ndipo 1 Januwale 2026 nalonso linali Lachinayi. Pofufuta phunziro la pa 25 Disembala, foni imafunsa mafunso atatu, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa. "This event" imachotsa tsiku lokhalo. "This and following events" imadula maphunziro onse kuyambira pamenepo kupita m'tsogolo, pomwe "All events" imasesa chilichonse, ngakhale zakale. Wofuna kungosamutsira phunzirolo Lachisanu amasankhanso "This event".

Kuona ngati zayenda bwino n'kosavuta: atsegule sabata ya 8 Januwale. Phunziro likasowa pamenepo, ndiye kuti wadula mndandanda wonse, ndipo holoyo ena akhoza kuitenga.