Landilodi wati mutuluke pasanathe sabata: kalata yomuyankha

Amalawi ambiri amene amachita lendi ku Joni akangolandira uthenga wa landilodi woti atuluke, amayamba kumanga katundu usiku womwewo. Amaganiza kuti mlendo alibe pakamwa. Koma gawo 26(3) la malamulo aakulu a dziko la South Africa limati munthu aliyense asachotsedwe m'nyumba yomwe akukhala popanda chigamulo cha khoti, ndipo silifunsa kuti munthuyo anabadwira kuti. Lamulo la 1998 lotchedwa PIE limapitiriza kunena kuti wochotsa mnzake popanda chigamulocho akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri.

Tiyerekeze mayi amene akukhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ku Mayfair, ndipo amalipira R2,500 pa 1 mwezi uliwonse. Mgwirizano wake wa chaka chimodzi unatha kale, koma anapitiriza kukhala, landilodi naye n'kumalandira ndalama. Pa 10 Juni walandira uthenga pa WhatsApp: atuluke pofika pa 17 Juni, apo ayi asintha loko.

Notisi imeneyi ili ndi zolakwika ziwiri, ndipo ntchito ya kalata ndi kuzitchula zonse momveka. Choyamba ndi nthawi. Lamulo la Rental Housing Act la 1999, pa gawo 5(5), limati mgwirizano ukatha munthu n'kupitiriza kukhala mololedwa, wofuna kuuthetsa apereke notisi yolemba ya mwezi umodzi kapena kuposerapo. Mwezi umenewu umawerengedwa wathunthu wa pakalendala, choncho notisi ya pa 10 Juni singathetse mgwirizano 31 Julayi asanakwane. Chachiwiri ndi loko uja. Lamulo lomwelo limati kutsekera munthu panja kapena kumudulira madzi ndi magetsi popanda chilolezo cha lamulo ndi mlandu.

Kalatayo adzailemba m'Chingerezi, poti mawa ikhoza kuwerengedwa ndi woweruza. Pamwamba pakhale tsiku, dzina lake ndi adiresi ya nyumbayo. Mutu wake, tikaunena m'Chichewa, ndi uwu:

“Bambo, ndalandira uthenga wanu wa pa 10 Juni wondiuza kuti ndituluke pofika pa 17 Juni. Notisi imeneyi sindikuivomereza, chifukwa siyikukwana mwezi umene gawo 5(5) limafuna. Lendi ya Juni ndinalipira pa 1, ndipo umboni wake ndaphatikiza. Ndipitiriza kulipira monga mwa nthawi zonse. Ndikupempha kuti pofika pa 14 Juni mundilembere kuti mwabweza notisiyi, komanso kuti simusintha loko kapena kudula madzi ndi magetsi. Mukapanda kutero ndikadandaula ku Rental Housing Tribunal.”

Kalata yotere imawonongeka kawirikawiri ndi ulemu wathu womwe. Munthu amawonjezera kuti, “Pepani bwana, mundipatseko masabata awiri ndipeze pena.” Mawu amenewa landilodi akhoza kuwaonetsa ngati umboni woti munagwirizana zotuluka, ndipo nkhani ya notisi yolakwika imathera pomwepo. Ulemu ukhalepo ndithu, koma lonjezo lotuluka lisapezekemo. Musasayinenso pepala lililonse limene wabwera nalo pakhomo musanaliwerenge modekha.

Choopsa kuposa apo ndi kusiya kulipira chifukwa cha mkwiyo. Mayi uja akapanda kulipira lendi ya Julayi, wampatsa yekha landilodi chifukwa chenicheni chothetsera mgwirizano. Landilodi akakana kulandira ndalama pamanja, aziike ku akaunti yake ya kubanki n'kusunga lisiti. Ngati akauntiyo sakuidziwa, alembe uthenga wonena tsiku limene anabwera nazo n'kukanidwa, ndipo ndalamazo azisunge osazikhudza.

Kalata iperekedwe pamanja pali mboni, landilodi asayine pa kope yotsala. Akakana, ijambulidwe n'kutumizidwa pa WhatsApp pomwe panabwerera notisi paja.

Kukadandaula ku Tribunal n'kwaulere ndipo sikufuna loya. Gawo 13(7) limati dandaulo likalowa, landilodi sangachotse wodandaulayo mpaka chigamulo chituluke kapena mpaka patapita miyezi itatu, malingana ndi chomwe chayamba kuchitika, ndipo nthawi yonseyo lendi izilipiridwa. Loko akasinthidwa ndithu, khoti la majisitireti likhoza kulamula mwachangu kuti mayiyo abwezeretsedwe m'chipinda chake, ndipo a Legal Aid South Africa amathandiza anthu opeza zochepa.

Kalata sipatsa munthu nyumbayo mpaka kalekale. Landilodi ali ndi ufulu wopereka notisi ina yolondola, ndipo ikatha mayiyo asanatuluke akhoza kupita kukhoti. Apo lamulo la PIE limafuna kuti mayiyo pamodzi ndi khonsolo ya mzinda adziwitsidwe kutatsala masiku osachepera 14 mlandu usanamvedwe. Khoti likalamula kuti achoke, limaika tsiku, ndipo wobwera kudzamutulutsa ndi sherifu wa khoti, osati landilodi ndi anyamata ake.