Tebulo la opikisana nawo: poyang'ana ndi pati?

Wophunzira zamalonda akamalemba ndondomeko ya bizinesi amauzidwa kujambula tebulo la anthu amene adzalimbirane nawo makasitomala. Kumanzere amandandalika mayina awo, pamwamba n'kuika zoyerekezera monga mtengo, ubwino wa katundu ndi malo ogulitsira. Tebulo lotere limatha kuoneka laudongo koma lili lopanda kanthu, ndipo mphunzitsi, ngakhalenso kholo lofuna kuperekapo mpamba, ayenera kudziwa poligwira.

Tiyerekeze kuti mtsikana akufuna kugulitsa chiponde cha m'mabotolo. Walemba kuti botolo lake ndi K3,000, la kampani ina K4,000, choncho iye ndiye wotchipa. Mufunseni kulemera kwa mabotolowo. Ngati lake ndi la magalamu 250 pomwe linalo ndi la magalamu 400, ndiye kuti pa magalamu 100 alionse iye akulipiritsa K1,200, mnzakeyo K1,000. Wodula ndi iyeyo, koma tebulo lake lamubisira. Mufunsenso tsiku limene anaona mitengoyo, komanso ngati ndi yoodera kapena yogulitsira mmodzimmodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo inasintha moti mtengo wa mwezi wapitawo sukanayerekezedwanso ndi watsopano.

Pa ubwino wa katundu m'pamene ambiri amagwa mphwayi. Mupeza palembedwa "chabwino", "chabwinoko", ndipo pa dzina la mwiniwake "chabwino kwambiri". Analawa ndani? Mawu otere alowedwe m'malo ndi zinthu zoti wina aliyense angathe kutsimikiza atanyamula botolo: muli shuga kapena ayi, chimakhala miyezi ingati chisanaonongeke, chili ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS kapena chilibe. Pa chiponde chizindikirochi n'chachikulu, chifukwa mtedza wosaumitsidwa bwino umagwidwa chuku chobweretsa poizoni woononga chiwindi. Ine ndikaona tebulo limene mwiniwake wapambana paliponse, ndimadziwa kuti anasankha zoyerekezera zomukomera yekha.

Chovuta kuchiona ndi mzere umene palibe. Mtsikanayu watchula makampani atatu, koma kasitomala wake m'mawa amapaka chiyani pa buledi? Wina amapaka majarini, wina amakazinga mtedza n'kusinja yekha mumtondo, wina amagula kwa mayi wa pamsika amene amamupimira cha ndalama imene ali nayo. Onsewa akumulanda malonda. Michael Porter wa ku yunivesite ya Harvard, polemba mu 1979 za mphamvu zisanu zimene zimaumba mpikisano, anaikapo katundu wolowa m'malo mwa mnzake ngati imodzi mwa mphamvuzo. Njira yopezera mzere wosowawu ndi kufunsa ogula okha kuti, "Chiponde chikasowa mumagula chiyani?" Chimene angatchule chilowe m'tebulo, ndi mtengo wake pa magalamu 100 omwewo.