Kuwerenga nthawi imene kapasita imadzadzira

Mukalumikiza batire la mavoluti 9, swichi, rezisita ndi kapasita motsatizana pa mzere umodzi, n'kuyatsa swichiyo, mavoluti a pa kapasita sadumpha n'kufika pa 9 nthawi yomweyo. Amakwera mwaliwiro poyamba, kenako amayamba kukwawa. Chimakankha magetsi kudutsa mu rezisita ndi kusiyana kwa mavoluti a batire ndi amene kapasita yasunga kale, ndiye ikamadzadza, kusiyanako kumachepa ndipo magetsi olowa amachepanso. Tiyi wotentha amachita chimodzimodzi: amazizira msanga akangophulidwa, koma akayandikira kutentha kwa m'nyumba amazizira pang'onopang'ono.

Akatswiri amalemba kakweredweka motere:

```
V(t) = Vf × (1 − e^(−t/τ))
τ = R × C
```

Vf ndi mavoluti amene kapasita imakaima nawo pomaliza. Chilembo cha Chigiriki τ, chimene timatchula kuti tau, ndi nthawi imene kapasita imatenga kuti ifike pa 63.2 peresenti ya Vf. Pakatha matau awiri imakhala pa 86.5 peresenti, ndipo pakatha asanu yadutsa 99 peresenti. Rezisita ya 100 kΩ ndi kapasita ya 100 µF zimapereka tau ya masekondi 10, nthawi yokwanira kuti munthu awerenge ndi mita yoyezera mavoluti komanso wotchi ya pa foni.

Koma zolembedwa pa thupi la kapasita si zimene zili m'katimo ndendende. Makapasita ambiri okhala ndi mwendo wa + ndi wa − amaloledwa kusiyana ndi nambala yolembedwayo ndi 20 peresenti, choncho tau yeniyeni imapezeka poyeza.

Tiyerekeze kuti tatulutsa magetsi onse mu kapasita, tayatsa swichi, ndipo mita yasonyeza mavoluti 3.1 pa masekondi 5, 5.2 pa masekondi 10, 6.5 pa masekondi 15, ndi 7.3 pa masekondi 20. Tikadikira mphindi ziwiri, mita yaima pa 8.9. Nambala yomalizayi ndi imene ophunzira ambiri amaidumpha, n'kungotenga 9 wolembedwa pa batire. Musatero, chifukwa masamu onse otsatira atsamira pa iyo.

Njira yachidule ndi kutenga 63.2 peresenti ya 8.9, yomwe ndi 5.62. Nambalayi ili pakati pa 5.2 ndi 6.5, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtundawo, ndiye tau ili cha m'ma masekondi 11.6. Vuto la njirayi ndi lakuti imadalira kuti wotchi ndi swichi zinayamba pamodzi. Chala chikachedwa ndi sekondi imodzi, tau nayonso yaphonya ndi sekondi imodzi.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri siyang'ana pamene kapasita yafika, koma mpata umene watsala. Pa masekondi 5 panatsala 8.9 kuchotsa 3.1, ndiye 5.8. Pa masekondi 20 panatsala 1.6. Mpatawu umachepa ndi gawo lofanana pa nthawi zofanana, kaya mwayamba kuwerenga liti, choncho kuchedwa kwa chala sikulowamo:

```
τ = (t2 − t1) / ln(mpata1 / mpata2)
τ = 15 / ln(5.8 / 1.6) ≈ 11.6
```

Batani la ln lili pa kakyuleta iliyonse ya sayansi. Njira ziwirizi zagwirizana, ndipo ngati rezisita ndi ya 100 kΩ yeniyeni, kapasita yathu ndi ya pafupifupi 116 µF. Siinawonongeke, ili m'malire ake.

Posankha nambala ziwiri zoti mugwiritse ntchito, pewani za kumapeto. Pa masekondi 50 mpata wotsala ndi pafupifupi 0.1, moti mukatenga Vf kukhala 9 m'malo mwa 8.9 mpatawo ukhala wowirikiza kawiri, ndipo tau idzatuluka yaitali kuposa yeniyeni. Nambala zabwino zili pakati pa theka la tau ndi matau awiri. Mukawerengera tau ndi nambala zina ziwiri n'kupeza yankho losiyana kwambiri, kayikirani Vf poyamba.

Mita nayonso imamwako magetsi. Mamita ambiri a manambala ali ndi 10 MΩ m'kati mwake. Pa rezisita ya 100 kΩ izi zimatsitsa Vf ndi tau ndi 1 peresenti yokha, koma mukaika rezisita ya 1 MΩ, batire la mavoluti 9 lidzangofikitsa kapasita pa 8.2, ndipo tau idzafupika ndi 9 peresenti. Mukaona mita yaima patali chonchi, yezani batire palokha. Ngati lili bwino, vuto ndi mita kapena kapasita imene ikutaya magetsi.

Musanabwereze kuyezako, zimitsani swichi ndi kutulutsa magetsi mu kapasita kudzera mu rezisita mpaka mita isonyeze 0, ndipo onetsetsani kuti mwendo wa − wa kapasita uli ku mbali ya − ya batire.