Wabwino ndi bwino: njira yophunzitsira meilleur ndi mieux

Pophunzitsa kuyerekeza zinthu m'Chifalansa, aphunzitsi ambiri a ku Lichinga kuno amadzera m'Chipwitikizi. Njirayi imayenda ndithu poyamba, chifukwa *plus… que* amafanana ndi *mais… do que*. Vuto limabuka akafika pa *meilleur* ndi *mieux*, pakuti Chipwitikizi chili ndi liwu limodzi lokha, *melhor*, pa mawu awiri onsewa. Apa mpamene Chinyanja cha mwana chimathandiza kuposa Chipwitikizi.

Maziko a kuyerekeza

M'Chinyanja timayerekeza pogwiritsa ntchito mneni woti "kuposa", ndipo liwu lofotokozalo silisintha: "Ku Lichinga kumazizira kuposa ku Cuamba." Chifalansa chimaika liwu lofotokoza pakati pa mawu awiri: *Il fait plus froid à Lichinga qu'à Cuamba.* Ngati zinthu zikufanana, *aussi* amalowa m'malo mwa *plus*. Ngati china chikuchepekera, amalowa *moins*.

Pofuna kunena kuti chinthu chaposa zinzake zonse, ife timaonjezera "onse" kapena "zonse". Afalansa amaika *le*, *la* kapena *les* patsogolo, ndipo gulu amalitchula ndi *de*: "Amina ndi wamtali kuposa onse m'kalasi" ndiye kuti *Amina est la plus grande de la classe.* Mukaona mwana walemba *dans la classe*, dziwani kuti watanthauzira "m'kalasi" liwu ndi liwu.

Pamene lamulo limaduka

Mawu awiri satsata lamuloli. Sitinena *plus bon* koma *meilleur*, ndipo sitinena *plus bien* koma *mieux*. *Bon* ndi mfotokozi, amafotokoza dzina. *Bien* ndi muonjezi, amafotokoza mneni. Mwana wa Chinyanja amakudziwa kale kusiyana kumeneku, ngakhale sangakutchule dzina. Amati "nsomba yabwino", "nyemba zabwino", "munthu wabwino", koma "amaphika bwino". Pamene pali "wa-", "ya-", "cha-" kapena "za-" kutsogolo kwa "bwino", Chifalansa chimafuna *meilleur*. Pamene "bwino" waima yekha, chimafuna *mieux*.

Kufananaku sikuthera pomwepa. Monga "wabwino" amasintha kutsata dzina, *meilleur* nayenso amasintha: *meilleure*, *meilleurs*, *meilleures*. Monga "bwino" sasintha, *mieux* nayenso sasintha.

Chitsanzo cha phunziro

Lembani pa bolodi ziganizo ziwiri za Chipwitikizi: *Este peixe é melhor* ndi *Amina cozinha melhor*. Funsani ophunzira azinene m'Chinyanja. Adzati, "Nsomba iyi ndi yabwino kuposa iyo," ndiponso, "Amina amaphika bwino kuposa Saide." Auzeni adule mzere kunsi kwa "yabwino" ndi "bwino", kenaka anene okha chimene chasiyana. Akachiona, perekani Chifalansa: *Ce poisson est meilleur que l'autre* ndi *Amina cuisine mieux que Saide.*

Tsopano sinthani dzina kuti aone kugwirizana kwa mawu. "Mbatata iyi ndi yabwino kuposa iyo" ikhala *Cette patate est meilleure*, pamene "Nyemba izi ndi zabwino kuposa izo" zikhala *Ces haricots sont meilleurs*. Mitundu inayi ya *meilleur* imamveka chimodzimodzi m'ziganizo ngati izi, choncho simungagwire cholakwa ndi khutu. Muyenera kuona m'makope.

Malizani ndi kuposa onse. "Amina ndiye wophika wabwino kuposa onse m'mudzi" ndi *Amina est la meilleure cuisinière du village.* Koma "Amina ndiye amaphika bwino kuposa onse" ndi *C'est Amina qui cuisine le mieux.* Onani kuti *le* wakhalabe *le* ngakhale Amina ndi mkazi, chifukwa chimene chikufotokozedwa ndi kaphikidwe, osati munthu.

Malire a njirayi

Kuyesa ndi "bwino" kumagwiranso pa ziganizo zina zimene zimasokoneza: "Ndi bwino kupita m'mawa" ndi *C'est mieux de partir le matin*, ndipo wodwala amene akupezako bwino amati *Je vais mieux*. Koma "kuposa" ali ndi msampha wake. Mwana amene wazolowera kuti "kuposa" ndi *plus* amalemba *plus meilleur*. Muuzeni kuti *meilleur* wanyamula kale mawu awiri, "wabwino" ndi "kuposa". Chinanso, Chinyanja chilibe liwu lolingana ndi *moins*, popeza ife timangotembenuza chiganizo kapena kuchikanitsa: "Ku Cuamba sikuzizira ngati ku Lichinga." *Moins* mumupatse phunziro lakelake.

Ntchito

Konzani ziganizo zisanu ndi chimodzi za Chinyanja, zitatu za "bwino" ndi zitatu za "-abwino", zonena za zinthu za kwanu. Mnzanu azilembe m'Chifalansa, ndipo pa chilichonse afotokoze chimene chamutsogolera posankha liwu.