Chifukwa chake zolemba za maloya ndi za ophunzira zimaoneka ngati zalembedwa ndi makina

Mapulogalamu ofufuza ngati nkhani yalembedwa ndi munthu kapena ndi makina anafala kwambiri ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022. Mu Januwale 2023, Edward Tian, wophunzira wa pa yunivesite ya Princeton ku America, anatulutsa GPTZero, ndipo mu Epulo chaka chomwecho kampani ya Turnitin inawonjezera kafukufuku wa mtunduwu pa pulogalamu yake imene mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito pogwira ophunzira okopera. Posakhalitsa panaoneka zodabwitsa. Anthu ataika m'mapulogalamu otere zigawo za malamulo oyendetsera dziko la America, amene analembedwa pamanja ku Philadelphia m'chaka cha 1787, yankho linali lakuti zalembedwa ndi makina. Kulakwitsa kumeneku kumachokera m'mene mapulogalamuwa amagwirira ntchito, ndipo kumagwera kwambiri zolemba za malamulo ndi za maphunziro apamwamba.

Zimene pulogalamu imayeza

Pulogalamu yofufuza sinalipo pamene nkhani inkalembedwa. Imangoona mawu amene aikidwa patsogolo pake, n'kuyeza ngati kasanjidwe kawo kakufanana ndi ka makina.

Makina olemba nkhani amagwira ntchito polosera. Anaphunzitsidwa ndi zolemba zochuluka kwambiri, ndipo akapatsidwa chiyambi cha chiganizo amawerengetsera mawu amene kawirikawiri amabwera pambuyo pake. Akamalemba amakonda kusankha mwa mawu oyembekezeka kwambiriwo. Opanga mapulogalamu ofufuza anangotembenuza nzeru imeneyi. Pulogalamu imawerenga nkhani liwu ndi liwu, ndipo pa liwu lililonse imadzifunsa ngati ikanatha kulilosera. Ngati mawu ambiri ndi amene inkayembekezera, imaganiza kuti wolemba ndi makina anzake.

Muyeso umenewu umatchedwa `perplexity`, ndipo umasonyeza kuchuluka kwa njira zimene pulogalamu inkakayikira pakati pake. Ngati pa liwu lililonse inali ndi mwayi umodzi mwa iwiri wolosera molondola, muyesowo ndi 2. Ngati mwayi unali umodzi mwa 20, muyesowo ndi 20. Nambala ikatsika, nkhaniyo imakayikiridwa. Muyeso wachiwiri, `burstiness`, umaona ngati ziganizo zikusiyana kutalika ndi kapangidwe. Munthu wolemba momasuka amatha kulemba chiganizo chachitali, kenako cha mawu atatu okha, pomwe makina amakonda ziganizo zofanana msinkhu.

Mapulogalamu ambiri a masiku ano sadalira miyeso iwiriyi yokha. Amaphunzitsidwa ndi milu iwiri ya zitsanzo, wina wa zolemba za anthu, wina wa zolemba za makina, kuti azipeza okha zizindikiro zosiyanitsa. Komabe vuto silichoka, chifukwa makina ocheza nawo anazoloweretsedwa kulemba mwaulemu, mwadongosolo ndi mosalakwitsa galamala. Munthu wolemba motero amagwera pafupi ndi mulu wa makina.

Chiganizo chimodzi poyang'anitsitsa

Mapulogalamuwa anapangidwira Chingerezi makamaka, koma mfundo yake imaoneka bwino ngakhale m'Chichewa. Chiganizo ichi chili m'kalembedwe ka malamulo: "Munthu aliyense wophwanya lamuloli adzakhala wolakwa, ndipo akapezeka wolakwa adzalipira chindapusa kapena kukakhala kundende." Wowerenga amene wamvapo nkhani za kukhoti akafika pa "akapezeka" amadziwiratu kuti "wolakwa" akubwera. Akafika pa "adzalipira" amayembekezera "chindapusa", ndipo pambuyo pa "kapena kukakhala" palibenso kwina kopita koma "kundende". Zili ngati m'tchalitchi, pamene wotsogolera akangoyamba pemphero lodziwika mpingo wonse umamalizitsa wosayang'ana m'buku.

Munthu wina akhoza kufotokoza nkhani yomweyo kwa mnzake motere: "Akakugwira, konzeka kugulitsa njinga ija, apo ayi ukadya nandolo ku Maula." Palibe pulogalamu imene ikanalosera njinga kapena nandolo. Chiganizo chachiwirichi chingapeze nambala yokwera ndi kuyesedwa cha munthu, choyamba chija n'kupeza nambala yotsika ndi kukayikiridwa, ngakhale zonse zalembedwa ndi anthu. Pulogalamu yayeza ufulu umene wolemba anali nawo posankha mawu, osati amene anagwira cholembera.

Loya sasintha mawu mwadala

Wolemba nthano amapewa kubwereza liwu limodzi, koma wolemba malamulo amaphunzitsidwa zosiyana. M'makhoti otsatira mwambo wa malamulo a ku Mangalande, kuphatikizapo a ku Malawi ndi ku Zambia, muli mfundo yakuti liwu limodzi m'chikalata chimodzi limayenera kusunga tanthauzo limodzi, ndipo wolemba akasintha liwu khoti likhoza kuganiza kuti wasinthanso tanthauzo. Mgwirizano wa lendi ukatchula munthu kuti "wobwereka nyumba" m'ndime yoyamba, uyenera kumutchula choncho mpaka kumapeto. Kumutchula "wokhalamo" pa tsamba lachitatu kungatsegule mkangano wakuti mwina akunenedwa ndi munthu wina, monga m'bale wake amene amagona m'nyumbamo.

Chinanso n'chakuti maloya salemba mgwirizano uliwonse kuyambira pachiyambi. Amatenga ndime zimene zinagwiritsidwa kale ntchito, makamaka zimene makhoti anazitanthauzira, chifukwa tanthauzo lake ndi lodziwika. Ndime yonena za kuthetsa mgwirizano kapena za kusunga chinsinsi imapezeka m'zikalata zosawerengeka mosintha pang'ono chabe. Makina olemba anaphunzira kuchokera ku zikalata zoterezi, motero amalosera ndime zimenezi mosavuta.

Apa ndi pamene pali yankho la nkhani ya malamulo a 1787 aja. Mawu ake analembedwa mobwerezabwereza m'mabuku a sukulu, m'zigamulo za makhoti ndi m'manyuzi, kotero kuti makina anawaona kambirimbiri pophunzira mpaka kuwaloweza. Akapatsidwa mawu oyamba a ndime, otsatira onse amakhala odziwika kale. Zomwezo zinaoneka pa ndime zotchuka za Baibulo la Chingerezi. Chikalata chikatchuka kwambiri, mpata woti chiyesedwe cha makina umakula.

Wophunzira nayenso ali ndi njira yoikika

Pepala la kafukufuku wa sayansi limatsata dongosolo limodzi: mawu oyamba, njira zimene zinatsatidwa, zotsatira, kenako kukambirana tanthauzo lake. M'gawo lililonse muli ziganizo zozolowereka, monga zonena cholinga cha kafukufuku, chiwerengero cha anthu amene anafunsidwa, ndi malire a zimene zapezeka. Mawu a ukatswiri sasinthidwa ndi ena ofanana nawo. Wolemba amachenjezedwa kuti asanene motsimikiza zimene sanatsimikizire, choncho mawu monga "zikuoneka kuti" ndi "zotsatira zikusonyeza kuti" amabwera pafupipafupi. Nthabwala, miyambi ndi mawu a kumudzi zimachotsedwa ndi mphunzitsi woyang'anira kapena mkonzi. Kukonza kulikonse kumachotsa zina mwa zinthu zimene pulogalamu ikanadabwa nazo.

Vutoli limakula kwa amene Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba. Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anafalitsa mu 2023 zotsatira za kuyesa mapulogalamu 7 ofufuza. Anawapatsa nkhani 91 zolembedwa ndi anthu okonzekera mayeso a Chingerezi a TOEFL. Pa avareji, mapulogalamuwo ananena kuti nkhani 61 mwa 100 zilizonse zinali za makina, ndipo nkhani 89 mwa 91 zinakayikiridwa ndi pulogalamu imodzi kapena kuposerapo. Nkhani za ana a sitandade 8 a ku America zinazindikirika bwino pafupifupi zonse kuti ndi za anthu. Ofufuzawo atauza ChatGPT kuti ikometsere mawu a nkhani za TOEFL zija, zokayikiridwa zinatsika kufika pafupifupi 12 mwa 100. Nkhani zimene makina anazikhudzadi ndi zimene zinaoneka za anthu.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wolemba m'chilankhulo chachiwiri amagwiritsa ntchito mawu amene ali nawo otsimikiza ndi ziganizo zimene anaphunzira m'kalasi. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Lusaka amene akulemba pepala la zamalamulo m'Chingerezi amapanikizidwa kawiri: phunzirolo limafuna mawu oikika, ndipo chilankhulocho anachiphunzira m'mabuku.

Nambala ya pulogalamu ndi umboni weniweni

Ngakhale opanga mapulogalamuwa anavomereza malire ake. OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inatulutsa pulogalamu yake yofufuza mu Januwale 2023, ndipo inanena yokha kuti imagwira 26 mwa 100 za nkhani za makina ndi kunamizira 9 mwa 100 za nkhani za anthu. Inaichotsa mu Julaye chaka chomwecho chifukwa chosalondola. Turnitin inanena kuti yake imanamizira mapepala osakwana 1 mwa 100. Yunivesite ya Vanderbilt inawerengetsera kuti pa mapepala 75,000 amene inatumiza ku Turnitin mu 2022, mlingo umenewo ukanatanthauza mapepala pafupifupi 750 oganiziridwa molakwa, ndipo mu Ogasiti 2023 inazimitsa kafukufukuyo.

Pali njira yosavuta yoonera ngati pulogalamu ikukondera pa mtundu wina wa zolemba. Munthu amatenga zigamulo za khoti kapena mapepala a ophunzira a phunziro lomwelo olembedwa chaka cha 2022 chisanafike, n'kuwaika mu pulogalamuyo. Ambiri akayesedwa a makina, ndiye kuti pulogalamuyo ikuyeza kalembedwe ka phunzirolo. N'kofunikanso kuona ndime zimene zakayikiridwa. Ngati ndi matanthauzo a mawu, ndime zogwidwa m'malamulo kapena gawo lofotokoza njira za kafukufuku, kukayikirako sikukunena kanthu za wolemba.

Umboni wodalirika umapezeka m'zimene zalembedwa, osati m'kamvekedwe kake. Pa mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca ku New York mu 2023, maloya anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Sipanafunike pulogalamu yofufuza. Maloya a mbali ina ndi khoti anafufuza milanduyo m'kaundula n'kupeza kuti kulibe, ndipo woweruza P. Kevin Castel analamula chindapusa cha madola 5,000. Pa pepala la wophunzira, kufufuza kofanana nako ndi kuona ngati mabuku otchulidwa alipodi ndipo akunena zimene pepalalo likunena, kuyang'ana zolemba zoyamba ndi mbiri ya kusintha kwa fayilo, ndi kumufunsa wolemba pamaso kuti afotokoze mfundo zake ndi kumene anazitenga.