Mtengo Wotsika Supulumutsa Tenda Yosowa Pepala

Tsiku lotsekula matenda ku khonsolo kapena ku unduna limanyenga. Bokosi likatsekulidwa, mlembi amawerenga mokweza dzina la kampani iliyonse, mtengo umene yatchula, komanso ngati yaikamo chikole. Mwini bizinesi amene wamva kuti palibe wotsika mtengo kuposa iye amatuluka m'holomo akumwetulira, mwinanso wayamba kale kuimbira foni ogulitsa zipangizo. Pakapita masabata angapo amangomva kuti ntchito yapita kwa wina wokwera mtengo, ndiye mawu ake amakhala amodzi: atidyera, zinali zokonzeratu.

Katangale alipo, palibe angakane. Koma matenda ambiri amagwa okha, asanakankhidwe ndi munthu, chifukwa cha pepala limodzi losowa kapena mzere umodzi wosagwirizana ndi zimene wogula anapempha. Zimenezi mwini wake akanatha kuziona ali patebulo pake envelopu isanamatidwe.

Ku Malawi, kugula katundu ndi ndalama za boma kumayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, limene linalowa m'malo mwa ofesi ya ODPP potsatira lamulo la 2017. Malamulo ake sanena kuti wotsika mtengo ndiye apambane basi. Wopambana ndi wotsika mtengo pakati pa okhawo amene akwaniritsa zofunika. N'chifukwa chake ounika matenda sayambira pa mtengo. Amayamba ndi sefa: fomu yasayinidwa kodi, chikole chilipo, masatifiketi alipo? Mayankho ake ndi inde kapena ayi, palibe za pang'ono. Otsala m'sefamo ndiwo amawaunika ngati katundu wawo akufanana ndi amene wapemphedwa, ndipo mitengo imabwera pamapeto. Wogwa pa sitepe yoyamba mtengo wake suyerekezedwa n'komwe ndi wa anzake.

Mndandanda muupange nokha

Anthu ambiri amangodalira chilengezo cha m'nyuzipepala, kapena tsamba limodzi la m'bukhu la tenda pamene pandandalikidwa zikalata zofunika. Apa ndi pamene pali msampha. Zofunika zimamwazikana m'bukhu lonselo. Zina zili m'malangizo a kwa opikisana, zina pa tsamba limene limatchula masiku ndi ziwerengero za tenda imeneyo yokha, zina m'gawo lofotokoza mmene adzaunikire, zina m'gawo lofotokoza katunduyo. Bukhulo limakhala la Chingerezi chovuta, choncho ngati chikukuvutani pezani wokuwerengerani, koma pasakhale tsamba lodumphidwa.

Tengani pepala lalikulu, mulembe mizere. Paliponse pamene bukhulo likulamula kuti wopikisana achite kapena apereke chinthu, chilembeni pa mzere wakewake, pamodzi ndi nambala ya ndime imene chachokera. Kumanja kwake musiye malo olembapo tsamba la tenda yanu pamene chinthucho chili. Ngati simungathe kulemba nambala ya tsamba, ndiye kuti chinthucho mulibe, ngakhale mutalumbira kuti munachijambulitsa dzulo. Kawirikawiri chimakhala chatsala pa makina a fotokope.

Pa mzere uliwonse mafunso ndi atatu: chilipo, chikadali ndi mphamvu, ndipo chikunena zimene zafunsidwa? Funso loyamba aliyense amalifunsa. Awiri enawo ndiwo amagwetsa anthu.

Madesiki 500

Tiyerekeze kuti khonsolo ina ikufuna madesiki 500 a m'sukulu za pulayimale, ndipo kampani yaing'ono yowotcherera zitsulo yakonza tenda yake. Tsiku lotseka ndi 10 Malichi. Bukhu likuti mtengo ukhale wosasintha kwa masiku 90, chikole cha kubanki chipitirire masiku ena 28 pamwamba pake, madesiki afike pasanathe masiku 60, chitsulo cha miyendo chikhale chochindikala mamilimita 1.6 ndipo thabwa lapamwamba mamilimita 25.

Zikalata zozolowereka zilipo zonse: satifiketi yolembetsa bizinesi, ya PPDA, ndi ya MRA yosonyeza kuti kampani ilibe ngongole ya msonkho. Koma wounika wosamala amayang'ana madeti. Satifiketi ya MRA imakhala ndi tsiku lothera, ndipo ikatha pa 28 Febuluwale, pofika pa 10 Malichi ndi pepala wamba. Amayang'ananso maina. Ngati satifiketi ina ili m'dzina la mwini wake pamene zina zili m'dzina la kampani, kapena nambala ya msonkho ikusiyana, ounika sadziwa kuti akuchita malonda ndi ndani. Ya PPDA nayo imatchula mtundu wa katundu ndi mlingo wa ndalama umene munalembetsera, ndiye amene analembetsa zogulitsa mapepala ndi zolembera asadabwe akamubweza pa madesiki.

Tsopano chikole, chimene ndi manda a matenda ambiri. Kuwerenga masiku 90 kuchokera pa 10 Malichi kumatifikitsa pa 8 Juni. Kuwonjezera 28 kumatifikitsa pa 6 Julayi. Mwini kampani atapita kubanki anangonena kuti akufuna chikole cha masiku 90, banki nayo inalemba kuti chidzatha pa 8 Juni. Pepalalo lilipo, chidindo chilipo, ndalama yake ndi yokwanira, koma laperewera masiku 28. Masiku owonjezerawo ali ndi chifukwa chake: wopambana akakana kusayina mgwirizano chakumapeto kwa nthawi, wogula amafunika mpata woti akaitanitse ndalamazo kubanki. Chikole choperewera sichimuteteza, ndipo ounika amachitenga ngati kuti palibe.

Nkhani imavutirako khonsolo ikatulutsa kalata yosintha zina m'bukhu la tenda. Tinene kuti yasuntha tsiku lotseka ndi masabata awiri, kufika pa 24 Malichi. Ambiri amasangalala kuti apeza nthawi, n'kuiwala kuti madeti onse asunthanso. Masiku 90 tsopano akuthera pa 22 Juni, ndipo chikole chiyenera kufika pa 20 Julayi. Amene anatenga chikole chake msanga, cholondola bwinobwino, akuyenera kubwerera kubanki kuti akachitalikitse. Kalata zoterezi zimakhala mbali ya bukhulo, ndiye musanatseke mndandanda funsani ku ofesi yogula ngati yatulukapo ina.

Matenda ena safuna chikole cha ndalama, amangofuna kalata yolonjeza kuti mukathawa mudzaletsedwa kupikisana kwa nthawi yoikika. Kalatayo ili ndi fomu yake m'bukhumo. Musailembe m'mawu anuanu, ndipo musapereke iyoyo pamene apempha chikole cha kubanki.

Pa katundu weniweniyo, kampani yathu yalemba chitsulo cha mamilimita 1.2 poti ndicho chimapezeka mosavuta, ndipo yati idzamaliza m'masiku 75 chifukwa 60 ndi ochepa. Kunena chilungamo n'kwabwino, koma malo ake si amenewa. Ngati mukuona kuti chimene apempha n'chosatheka, lembani kalata yofunsa nthawi ya mafunso isanathe. Wogula amayankha onse opikisana mofanana, ndipo akhoza kusintha. Mukangosintha nokha m'tenda, mwapereka katundu wina pa mtengo wa katundu wina, ndipo palibe njira yowuyerekezera ndi wa anzanu amene awerengera chitsulo chodula. Enanso amangolemba kuti "tikwaniritsa" pa mzere uliwonse, pamene chithunzi kapena kabuku kamene aphatikizapo kakuonetsa muyeso wina. Ounika amakhulupirira kabukuko.

Zokhululukidwa ndi zosakhululukidwa

Si cholakwa chilichonse chimene chimapha tenda. Malamulo amasiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Chachikulu ndi chimene chimasintha kuchuluka, ubwino kapena nthawi ya ntchito, chimene chimachepetsa ufulu wa wogula, kapena chimene kuchikonza kungapondereze ena opikisana. Fomu yosasayinidwa, chikole choperewera, chitsulo chopyapyala ndi masiku 75 zonse zili m'gulu limeneli. Sayini ya munthu wopanda kalata yomupatsa mphamvu yosayinira kampani, pamene bukhu lafuna kalatayo, nayo ingakugwetseni. Chaching'ono, monga tsamba losowa nambala, ounika akhoza kuchilekerera kapena kukulemberani kuti mufotokoze. Koma kufotokozako sikuloledwa kusintha mtengo kapena thunthu la tenda, ndipo palibe chowakakamiza kukufunsani. Kudalira chifundo chawo ndi juga.

Masamu ali ndi malamulo akeake, ndipo ambiri sawadziwa. Kampani yathu yalemba K85,000 pa desiki imodzi, koma pophatikiza yalemba K40,250,000 m'malo mwa K42,500,000, manambala angosinthana malo. Tenda siitayidwa chifukwa cha ichi. Ounika amatsatira mtengo wa chinthu chimodzi n'kukonza chiwonkhetso, ndipo pamene manambala akusiyana ndi mawu, kawirikawiri amatsatira mawu. Ndiye mtengo umene unamveka wotsika tsiku lotsekula uja umakwera ndi K2,250,000, mwina n'kupitirira wa mnzanu. Choopsa kwambiri ndi kulakwitsa pa mtengo wa chimodziwo. Mukalemba K58,000 mukufuna kunena K85,000, chiwonkhetso chimatsitsidwa kufika pa K29,000,000. Mukavomera mupanga madesiki moluza, mukakana tenda imatayidwa ndipo chikole chingathe kupita. Onaninso ngati bukhu likufuna mtengo wophatikiza msonkho ndi mayendedwe okafikitsa katundu kusukulu iliyonse, poti kukafika kusukulu yakumudzi m'nyengo ya mvula si zofanana ndi kutsitsa pabwalo la khonsolo.

Paumboni wa ntchito zakale ndingonena mwachidule. Akati ntchito zitatu zofanana m'zaka zitatu zapitazi, mndandanda wa maina okha sukwanira, ndipo oda yosonyeza kuti munapatsidwa ntchito si umboni woti munaimaliza. Ikani zimene atchulazo.

Aunike wina

Amene walemba tenda sayenera kukhala womaliza kuiunika. Maso ake amaona zimene akufuna kuona. Perekani mndandanda uja ndi tendayo, yomangidwa kale, kwa munthu amene sanaigwirepo, kaya ndi akauntanti, mlamu wanu wophunzitsa kapena mwana wanu wa kukoleji. Iye awerenge mzere, atsegule tsamba, awerenge deti mokweza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchitoyi siitheka usiku wa tsiku lotseka. Muichite kudakali masiku angapo ogwira ntchito, chifukwa zinthu ziwiri zimene zimapezeka zolakwika kawirikawiri, chikole ndi satifiketi ya msonkho, zili m'manja mwa banki ndi MRA, ndipo sizituluka chifukwa choti inu muli pachangu.

Mzere womaliza pa mndandanda ndi envelopu. Werengani makope amene apempha, mulembe loyambirira kuti ndi loyambirira, muonetsetse kuti fotokope sinadumphe masamba a kuseri, ndipo kunja mulembe nambala ya tenda monga mmene bukhu lanenera. Kenako nyamukani msanga. Wotchi imene imagwira ntchito ndi ya pa ofesi yolandira, osati yanu, ndipo tenda yofika nthawi itadutsa, ngakhale ndi mphindi zochepa, imabwezedwa yosatsekula.