Fakitale imodzi, misika iwiri, mitengo iwiri: amawerengera bwanji?

M'chaka cha 2014 kampani ya Gilead inkagulitsa mankhwala a matenda a chiwindi otchedwa sofosbuvir pa mtengo wa madola 84,000 kwa wodwala mmodzi ku America. Boma la Egypt linagula mankhwala omwewo pa madola pafupifupi 900. Anthu ambiri atamva izi anaganiza kuti kwinako kampaniyo inkachita chifundo, kapena kuti kwinako inkaba. Koma akatswiri a zachuma amati nthawi zambiri mitengo yotere imachokera m'masamu a wogulitsa amene alibe wopikisana naye. Masamuwo anawalongosola bwino mayi Joan Robinson wa ku Cambridge m'buku lawo la 1933, ndipo munthu aliyense wodziwa kuchotsera ndi kuchulukitsa angathe kuwatsatira.

Tiyeni tiyerekeze fakitale ya ayisi m'dera la kunyanja. Ndi yokhayo m'dera lonselo, ndipo ili ndi makina amodzi. Ogula ake ali pawiri. Kutauni kuli mahotela ndi malo omwera, ndipo kudoko kuli anthu a geni ya nsomba. Manambala onse a fakitaleyi ndi ongopeka kuti tione m'mene nkhaniyi imayendera.

Chosiyanitsa misika iwiriyi si chuma cha ogula chokha ayi, koma kuti ali ndi kothawira kapena alibe. Mwini hotela magetsi akazima sangapatse mlendo chakumwa chofunda, choncho ayisi akakwera mtengo amadandaula koma amagulabe. Mayi wa geni ya nsomba ali ndi njira zina: usipa atha kuuyanika pa thandala, chambo atha kuchiwamba. Ayisi akadula, iye amangosiya kugula. Akatswiri amayeza kathawidwe ka ogula kameneka ndi nambala imodzi. Ngati mtengo wakwera ndi 10 pa 100 ndipo malonda atsika ndi 15 pa 100, nambalayo ndi 1.5. Malonda akatsika ndi 20 pa 100, nambalayo ndi 2. Nambala ikamakula ndiye kuti ogula sachedwa kuthawa.

Tinene kuti kutauni, mwini fakitale akafuna kugulitsa buloko imodzi yoonjezera pa tsiku, ayenera kutsitsa mtengo ndi K50. Kudoko, popeza anthu ake amamvera mtengo msanga, kutsitsa ndi K20 kokha kumakwana. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa mtengo akautsitsa sautsitsira wogula watsopano yekha. Onse a mumsika umenewo amagula pa mtengo watsopanowo. Ndiye ndalama imene buloko yoonjezera imabweretsa si mtengo wake ayi, koma mtengo wake kuchotsapo zimene wataya pa mabuloko ena onse.

Poyamba mwini fakitale akugulitsa pa mtengo umodzi konsekonse. Mtengo womupindulira kwambiri pamenepa ndi pafupifupi K4,570, ndipo mahotela akutenga mabuloko 109, a kudoko 71, onse pamodzi 180 pa tsiku. Tsopano taonani buloko yomaliza ya kutauni. Yabweretsa K4,570, koma kuti igulidwe panafunika kutsitsa K50 pa mabuloko oposa 100, zomwe ndi ndalama zoposa K5,400. Buloko imeneyo yamudyera ndalama m'malo momubweretsera. Kudoko zinthu ndi zosiyana: buloko yoonjezera ingamutayitse K20 pa mabuloko 71, pafupifupi K1,400, n'kumusiyira ndalama zoposa K3,100. Munthu wochenjera akaona izi sachedwa kudziwa chochita. Amachotsa buloko kutauni, mtengo wa kumeneko n'kukwera, n'kukaigulitsa kudoko motsikirapo.

Kusamutsa kumeneku amakupitiriza mpaka pamene buloko yomaliza ikubweretsa ndalama zofanana m'misika yonse iwiri. M'chitsanzo chathu zimenezi zimachitika mahotela akamatenga mabuloko 80 pa K6,000 ndipo a kudoko akamatenga 100 pa K4,000. Tiyeni titsimikize. Kutauni, buloko ya nambala 81 ingagulidwe pa K5,950, koma K50 pa mabuloko 80 ndi K4,000, ndiye yotsala ndi K1,950. Kudoko, buloko ya nambala 101 ingagulidwe pa K3,980, kuchotsapo K20 pa mabuloko 100, yotsala ndi K1,980. Konseko ndi pafupifupi K2,000, ndipo palibenso phindu losamutsira katundu uku kapena uko. Ndalama zolowa pa tsiku zakwera kuchoka pa K823,000 kufika pa K880,000, pamene mabuloko akadali 180 omwewo ndipo zolowa pa magetsi ndi antchito sizinasinthe. Phindu lakwera ndi pafupifupi K57,000 pa tsiku popanda kugula makina ena.

Nanga n'chifukwa chiyani mabuloko ndi 180, osati 150 kapena 250? Apa ndi pamene kukhala ndi fakitale imodzi kumalowerera. Makina sadziwa kuti buloko iyi ikupita kuhotela kapena kudoko. Chimene chimakweza ndalama zopangira ndi kuchuluka kwa mabuloko onse pamodzi. Akamachuluka pamafunika kuyatsa jenereta usiku, kulipira antchito maola oonjezera, ndipo makina amatentha n'kumafuna kukonzedwa pafupipafupi. M'fakitale yathuyi ndalama yopangira buloko yoonjezera imayambira pa K200 n'kumakwera ndi K10 pa buloko iliyonse, kotero kuti pofika pa buloko ya nambala 180 yafika pa K2,000. Pamenepo ndi pomwe ayenera kulekezera, chifukwa buloko yotsatira ingadye zambiri kuposa zimene ingabweretse. Lamulo lonse ndi limeneli: zimene buloko yomaliza ikubweretsa kutauni, zimene ikubweretsa kudoko, ndi zimene yadya poipanga, zitatuzi zikhale zofanana.

Pali njira yachidule yopezera mitengo iwiriyi. Tengani nambala ya kathawidwe ka ogula, muigawe ndi nambala yomweyo mutachotsapo 1, kenako muchulukitse ndi ndalama yopangira buloko yomaliza. Kutauni, pa mtengo wa K6,000, nambalayo ndi 1.5. Kugawa 1.5 ndi 0.5 kumapereka 3, ndipo K2,000 katatu ndi K6,000. Kudoko nambalayo ndi 2. Kugawa 2 ndi 1 kumapereka 2, ndipo K2,000 kawiri ndi K4,000. Msika wa anthu osowa kothawira ndi umene umalandira mtengo wokwera nthawi zonse. Ngati nambalayo mumsika wina ili pansi pa 1, chimenecho ndi chizindikiro chakuti mtengo wa kumeneko ukadali wotsika: kuukweza kungaonjezere ndalama zolowa uku katundu wopangidwa akuchepa.

Kukhala ndi fakitale imodzi kumamangiriranso misika iwiriyi pamodzi m'njira imene ogula saiona. Tinene kuti yafika nyengo ya Khirisimasi, alendo adzaza m'mahotela, ndipo mwini fakitale waona kuti n'kopindulitsa kugulitsa mabuloko 130 kutauni. Mabuloko onse pamodzi akukwera kufika pa 220, ndipo yomaliza tsopano ikudya K2,400. Kudoko palibe chasintha, asodzi ndi omwewo, nsomba ndi zomwezo, koma buloko yobweretsa K2,000 yokha siyoyeneranso kupangidwa. Mwini fakitale amachepetsa a kudoko kufika pa mabuloko 90, mtengo n'kukwera kufika pa K4,200. Amene amawerengera msika uliwonse pawokha, ngati kuti uli ndi makina akeake, amalakwitsa pomwepa. Amapeza kuti kupanga mabuloko 80 n'kotchipa, kupanga 100 n'kotchipanso, n'kuiwala kuti makina akupanga 180. Zotsatira zake amatsitsa mitengo mopitirira, katundu amachuluka, koma bilu ya dizilo imameza phindu.

Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati wogula motchipa sangakagulitse kwa wogula modula. Pakati pa K4,000 ndi K6,000 pali K2,000. Ngati kunyamula buloko kuchoka kudoko kupita kutauni, kuphatikizapo imene yasungunuka pa njira, kumadya K2,500, palibe angavutike nazo. Koma ngati kumadya K1,200 yokha, mnyamata wa njinga yamoto adzayamba kugula kudoko n'kumaperekera mahotela pa K5,500. Mwini fakitale adzazindikira msanga: maoda a kudoko adzakwera nsomba zisanachuluke, a kutauni adzatsika alendo asanachepe. Kusiyana kwa mitengo sikungapose kwa nthawi yaitali ndalama yosamutsira katunduyo. N'chifukwa chake mchitidwewu umakhazikika bwino pa zinthu zovuta kugulitsanso, monga magetsi, mpando wa mundege wolembedwa dzina, kapena chiphaso cholowera kumalo osungira nyama zakutchire, kumene mlendo wakunja amalipira zambiri kuposa nzika.

Mpanda wolekanitsa misika ukagwa, zimene zimachitika zinaoneka ku America. Supap Kirtsaeng, wophunzira wochokera ku Thailand, ankatumiziridwa ndi abale ake mabuku a sukulu a kampani ya John Wiley & Sons amene kwawo ankagulitsidwa motchipa, iye n'kumawagulitsa ku America. Kampaniyo inamusumira, koma mu 2013 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula, oweruza 6 kutsutsana ndi 3, kuti buku logulidwa mwalamulo kunja mwini wake atha kuligulitsanso. Chigamulocho chinachotsa chimodzi mwa zida zimene osindikiza ankatchingira nazo msika wodula.

Funso lotsala ndi lakuti kodi mchitidwewu umapweteka anthu kapena ayi. M'chitsanzo chathu mahotela aluza, chifukwa mtengo wawo wachoka pa K4,570 kufika pa K6,000. A geni ya nsomba apindula, chifukwa wawo watsika kufika pa K4,000. Mwini fakitale wapindula koposa onse. Koma popeza mabuloko sanachuluke, tikaphatikiza zonse dera laluza pang'ono: pali mwini hotela amene akanalipira K5,500 koma wabwerera chimanjamanja, pamene buloko yakeyo yapita kwa munthu amene amaiona ngati ya K4,100. Nkhani imasintha ngati mtengo umodzi ukanatsekeratu msika wa osauka. Ngati a kudoko akanakhala ochepa ndiponso osatha kufika pa mtengo wa kutauni, mwini fakitale wokakamizidwa kuika mtengo umodzi akanangowasiya n'kumagulitsa kumahotela okha. Pamenepo mitengo iwiri imafikitsa katundu kwa anthu amene akanamanidwa, ndipo a kutauni saluza kanthu kwenikweni. Ndi mfundo imeneyi imene ambiri amatchula pa nkhani ya mankhwala otchipa m'mayiko osauka.

Choncho mukaona katundu mmodzi ali ndi mitengo iwiri, musathamangire kunena kuti wotchipayo ndi chifundo kapena kuti mtengo umodzi ungakomere onse. Funsani ngati mitengo iwiriyo yachulukitsa katundu wofika kwa anthu. Ngati sinachulukitse, wapindula ndi mwini fakitale ndi gulu limodzi la ogula, ndipo gulu linalo lalipira zoposa phindu la onsewo. Ngati muli m'gulu lolipira zambiri, kudandaula sikutsitsa mtengo. Umatsika pamene mwapeza kwina kogula kapena china chogwiritsa ntchito m'malo mwake.